Kagawidwe ka maphukusi a chakudya pamene mabanja sali ofanana kukula

Thandizo la chakudya likafika pa tchalitchi, pa mzikiti kapena ku gulu lathu la maliro kuno ku Joni, nthawi zambiri limabwera litamangidwa kale m'maphukusi ofanana. Wopereka amanena kuti phukusi limodzi ndi la banja limodzi, ndipo komiti imatsatira zomwezo chifukwa sizivuta kuwerenga. Tinaziona kwambiri dziko lino la South Africa litatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19 pa 27 Malichi 2020, maganyu ataima, ndipo zimabweranso moto ukapsereza zisakasa kapena nyumba ikatsekedwa anthu n'kutulutsidwa. Koma ku Rosettenville, ku Turffontein, ku Yeoville kapena ku Diepsloot, mawu akuti banja amatanthauza zinthu zosiyana kwambiri. Khomo lina kuli mnyamata mmodzi wogwira ntchito m'munda wa bwana. Khomo loyandikana nalo kuli mayi, bambo, ana anayi, mlamu ndi achibale awiri amene atsika basi pa Park Station mwezi wathawu.

Taonani zimene thumba la ufa la makilogalamu 10 limachita m'makomo awiriwa. Mabungwe othandiza pa ngozi amawerengera kuti munthu mmodzi amafunika chakudya chopatsa mphamvu yokwana makalori 2,100 pa tsiku, ndipo gawo lalikulu la mphamvuyo limachokera mu ufa wokwana pafupifupi magalamu 400. Mnyamata uja thumbalo limufikitsa masiku 25. Banja la anthu 9 lija silifika nalo masiku atatu. Onse alandira zofanana, koma palibe amene angaime pamaso pa mayi wa banjalo n'kunena kuti chilungamo chachitika. Njira imene ndifotokoze pano ndi yowerenga pakamwa ndi miphika m'malo mowerenga zitseko, ndipo ndiyendetsa chitsanzo chimodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto.

Yambani ndi kupempha chilolezo chomasula maphukusi

Musanakhudze mfundo ya phukusi lililonse, muimbireni amene wapereka. Muuzeni kuti mabanja anu ndi a anthu kuyambira mmodzi mpaka 9, ndipo mukufuna kumasula maphukusi kuti mugawe motsatira chiwerengero cha anthu. Akavomera, apempheni alembe uthenga pa WhatsApp ndipo muusunge. Chifukwa chake n'chakuti munthu akaona thumba la ufa lotsegulidwa, maganizo oyamba amakhala akuti komiti yatapamo. Uthengawo ndi umene mudzawerenge pamaso pa anthu. Akakana, njira ina ilipo, ndiifotokoza kutsogoloku.

Kenako gwirizanani lamulo la kagawidwe chakudya chisanaoneke, komanso mayina asanalembedwe. Ichi ndimachiikira mtima kuposa china chilichonse. Lamulo lopangidwa matumba ali kale pakhonde, aliyense amaliyeza ndi zimene iye atengeko, ndipo wa m'komiti amene ali ndi ana asanu akanena kuti mabanja aakulu alandire zambiri, anthu amamva ngati akudzikometsera yekha ngakhale akunena zoona. Lamulo lomwelo likanenedwa Lamlungu, chakudya n'kubwera Loweruka, limakhala la gulu lonse.

Kodi banja ndi ndani?

Tanthauzo limene limagwira ntchito ndi ili: banja ndi anthu amene amadya za mumphika umodzi ndipo amagona pamalopo masiku ambiri a sabata. Musaonjezepo za ukwati, za magazi, kapena za dzina limene lili pa lisiti ya lendi. Funso lofunsa pakhomo ndi lakuti, "Dzulo madzulo munaphikira anthu angati, ndipo ndani?" Funso limeneli limatulutsa yankho loona kuposa lakuti "muli ndi ana angati," chifukwa ambiri a ife ana athu ali kwa agogo awo ku Mangochi, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. Anawo ndi athu ndithu, ndipo bambo amene watha miyezi iwiri osatumiza kanthu kumudzi mtima umamuwawa, koma ufa uwu sukafika kumeneko. Muwauze mwaulemu kuti, "Bambo, tikudziwa kuti kumudzi mukudalirika, koma lero tikuwerenga okhawo amene adye nsima ya ufa umenewu."

Mwana aliyense amene ali pakhomopo muwerengeni ngati munthu wathunthu, ngakhale wakhanda. Ena amafuna kuti mwana akhale theka la munthu wamkulu. Ine ndimakana, pa zifukwa ziwiri. Khanda loyamwa limadya kudzera mwa mayi ake, ndipo mayi woyamwitsa amafunika chakudya chochuluka kuposa mayi wina. Chachiwiri, mukangoyamba zamatheka, mufunika kudziwa zaka za mwana aliyense, ndipo mkangano usamukira pa zikalata zobadwira zimene ambiri alibe.

Mayi wogonera ku ntchito kwa abwana amene amabwera Loweruka lokha musamuwerengere pa mphika wa pakhomo ngati akudya kuntchitoko, koma ntchitoyo ikatha n'kubwerera, mulembeni. Mlendo amene wangofika kuchokera kumudzi ndipo sanapeze pogwira, muwerengeni, chifukwa akudya. Mkazi kapena mwamuna wa ku Zimbabwe, wa ku Mozambique kapena wa konkuno amene ali pabanja ndi Mmalawi, mphika ndi womwewo, muwerengeni. Ndipo musafunse pasipoti kapena chiphaso chokhalira m'dziko muno. Mukangofunsa, amene njala yawapweteka kwambiri ndi amene sabwera.

Povuta penipeni ndi pa anyamata ogawana chipinda. Anyamata anayi akhoza kukhala m'chipinda chimodzi ku Hillbrow, kusonkherana lendi, koma aliyense n'kumagula chakudya chake. Ena amasonkherana thumba la ufa n'kumaphika mosinthana. Oyambawo ndi miphika inayi, achiwiriwo ndi mphika umodzi wa anthu anayi. Muona posachedwa kuti lamulo lathu limakomera pang'ono munthu wokhala yekha, choncho anyamata ochenjera akhoza kudzigawa pa tsiku la kalembera. Njira yodziwira ndi yofika pamalopo, anthu awiri a komiti, n'kufunsa kuti thumba la ufa limene lilipolo anagula ndani, ndipo amaphika kangati madzulo. Ngati mbaula ndi imodzi, thumba ndi limodzi, ndiwo zimaphikidwa kamodzi, alembeni pamodzi. Kalembera wa pafoni yekha sagwira zimenezi.

Mukamaliza kulemba, werengani mndandanda pamaso pa gulu: dzina loyamba la mwini mphika ndi chiwerengero cha anthu, basi. Anthu oyandikana amadziwana. Wina akati, "Kwa amayi awo alipo asanu, osati asanu ndi awiri, awiriwo anasamukira ku Tembisa," mwakonza cholakwikacho chakudya chisanatuluke. Perekani masiku awiri oti woiwalidwa adzadandaule, kenako tsekani mndandanda.

Chitsanzo chathu

Tiyerekeze kuti gulu lina ku Rosettenville lalandira maphukusi 35. M'phukusi lililonse muli ufa makilogalamu 10, mpunga makilogalamu 2, nyemba kilogalamu imodzi, zitini ziwiri za nsomba, botolo la mafuta ophikira la mamililita 750, paketi ya shuga ndi paketi ya mchere. Kalembera wapeza miphika 32, anthu onse 104. Pali anthu 6 okhala okhaokha, mabanja 8 a anthu awiri, 5 a anthu atatu, 6 a anthu anayi, atatu a anthu asanu, awiri a anthu 6, limodzi la anthu 7 ndi limodzi la anthu 9.

Choyamba patulani maphukusi atatu osamasula, muwatsekere. Awa ndi a anthu amene aoneke mochedwa ali ndi chifukwa chomveka, monga amene anali m'chipatala pa nthawi ya kalembera. Atsala 32 oti amasulidwe.

Tsopano yalani katunduyo m'milu iwiri, chifukwa zinthu za m'phukusi sizitha mofanana. Ufa, mpunga, nyemba ndi nsomba zimatha motsatira pakamwa: anthu akachuluka kawiri, zimathanso msanga kawiri. Mchere, shuga ndi mafuta tizitenga ngati za mphika, khomo lililonse lilandire chimodzi. Pa mchere palibe wotsutsa. Pa mafuta ndivomereze kuti banja la anthu 9 likuperewedwa, popeza botolo la mamililita 750 silingakhalitse kwa iwo ngati mmene lingakhalire kwa mnyamata mmodzi. Komabe sindilangiza kutsanulira mafuta m'mabotolo a zakumwa otoledwa, chifukwa kayezedwe kake kamabweretsa mkangano ndipo ukhondo wa mabotolowo simungautsimikize. Kuperewerako tikukonza ndi maphukusi osungidwa aja.

Za mulu wa pakamwa zigaweni m'magawo. Gawo limodzi ndi theka la phukusi: ufa makilogalamu 5, mpunga kilogalamu imodzi, nyemba magalamu 500 ndi chitini chimodzi cha nsomba. Maphukusi 32 atipatsa magawo 64. Lamulo lake ndi losavuta kuliloweza: anthu awiri aliwonse alandira gawo limodzi, ndipo akatsala mmodzi wopanda mnzake, nayenso alandira gawo lathunthu. Ndiye kuti wokhala yekha ndi banja la awiri alandira gawo limodzi, la atatu kapena anayi magawo awiri, la asanu kapena 6 magawo atatu, la 7 magawo anayi, ndipo la 9 magawo asanu.

Tiwerengetse. Miphika 14 ya munthu mmodzi kapena awiri itenga magawo 14. Miphika 11 ya atatu kapena anayi itenga 22. Miphika isanu ya anthu asanu kapena 6 itenga 15. Mabanja awiri aakulu aja atenga 4 ndi 5. Zonse pamodzi ndi magawo 60, ndipo atsala anayi.

Bwererani kwa mnyamata uja ndi mayi uja. Mnyamatayo tsopano ali ndi ufa makilogalamu 5, wa masiku 12. Banja la anthu 9 lili ndi makilogalamu 25, wa masiku pafupifupi 7. Mabanja a anthu awiri, anayi ndi 6 ndi amene ali pansi kwambiri, ufa wawo ndi wa masiku 6. Palibenso khomo limene nsima ithe tsiku lachitatu pamene loyandikana nalo likudya mpaka sabata yachinayi. Ichi ndiye choyezera chimene muyenera kuchigwiritsa ntchito pa lamulo lililonse limene wina angabweretse: gawani makilogalamu a ufa ndi chiwerengero cha anthu pakhomo lililonse, muone khomo limene lithe chakudya poyamba. Lamulo labwino ndi limene likukankhira tsiku limenelo patali.

Wina afunsa kuti, "Nanga bwanji wokhala yekha akupindulabe?" Yankho loona ndi lakuti inde akupindula, ndipo tikudziwa. Tikanafuna kuti zifanane ndendende, tikanagawa makilogalamu 320 kwa anthu 104, aliyense n'kupeza makilogalamu atatu ndi kachidutswa, ndiye kuti khomo lililonse likanakhala ndi muyeso wakewake. Zimenezo zimatheka, koma munthu woima pamzere sangathe kutsimikiza ndi maso ake kuti walandira zoyenera, ndipo chimene anthu sangathe kuchiona okha amachikayikira. Magawo a makilogalamu 5 aliyense amawawerenga: kwathu tilipo asanu, magawo atatu, awa. Komanso wokhala yekha alibe wina wobweretsa ndalama pakhomo ganyu yake ikaduka. Ngati okhala okha ali ochuluka kwambiri pagulu lanu, monga zimakhalira kumene kuli anyamata ambiri, dulani gawo likhale la munthu mmodzi, ufa makilogalamu awiri ndi theka, n'kuwerenga munthu aliyense gawo limodzi. Ntchito yoyeza ichuluka kawiri, koma kukondera kuja kutha.

Magawo anayi otsala aja musawasiye opanda mwini, chifukwa chotsala chopanda lamulo ndi chimene chimaipitsa mbiri ya komiti. Gwirizanani pa tsiku lomwe lija la lamulo kuti zotsala zipita kwa ndani: mayi woyembekezera, mayi woyamwitsa, munthu amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu kapena ena ofunika kumwa atadya. Za matendazi zisawerengedwe pagulu. Munthu mmodzi wodalirika, mwina mayi wamkulu wa chigwirizano kapena wosankhidwa ndi a shehe, alandire mayinawo mwachinsinsi, gulu lingouzidwa kuti magawo anayi apita kwa odwala ndi oyamwitsa. Oyenera akachuluka kuposa magawo, chitani mayere pamaso pa mboni ziwiri. Mayere amaoneka ngati masewera, koma pakati pa anthu ovutika mofanana ndi njira yokhayo imene siisiya munthu akuganiza kuti anakanidwa chifukwa si wa kwawo kwa tcheyamani.

Kuyeza ndi kumanga

Yezani dzulo lake, osati pa tsiku logawa anthu ali pakhomo. Pakhale anthu osachepera atatu, ndipo mmodzi akhale wolandira wamba amene sali m'komiti. Bwerekani sikelo ya manambala, muiyese kaye poikapo paketi yosatsegula ya kilogalamu imodzi. Ikaonetsa zosiyana, pezani ina. Osayeza ufa ndi beseni kapena chigoba, chifukwa ufa wotsenderedwa ndi wongothira zimasiyana kulemera ngakhale chiwiya chili chomwecho.

Simufunika kutsegula matumba onse. Banja la magawo awiri lilandire thumba la makilogalamu 10 losatsegula. La magawo atatu, thumba limodzi ndi theka. La magawo anayi, matumba awiri. La magawo asanu, awiri ndi theka. M'chitsanzo chathu matheka ofunika ndi 14 a miphika ing'onoing'ono, asanu a mabanja a magawo atatu, limodzi la banja la anthu 9, ndi anayi a odwala, onse pamodzi 24. Ndiye kuti mutsegula matumba 12 okha, ena 20 apita osakhudzidwa. Chimodzimodzi mpunga ndi nyemba. Thirani m'majumbo atsopano olimba, awiriawiri, manja osamba, pamalo ouma. Mukamamasula, yang'anani tsiku lothera pa paketi iliyonse, ndipo chitini chotupa, chadzimbiri kapena chophwanyika pa msoko chichotseni ndi kuchilemba. Chimenecho si chopatsa munthu. Ngati m'maphukusi muli nyama ya m'zitini m'malo mwa nsomba, kumbukirani abale athu Achisilamu, muwasinthire ndi nyemba kapena nsomba zisanamangidwe, kuti asachite kupempha pamzere.

Mulu wa khomo lililonse ulembeni nambala, osati dzina, ndipo mwini khomo apatsidwe kapepala ka nambala yomweyo kolembedwa magawo ake.

Wopereka akakana kuti mumasule

Zikatero, lamulo la magawo likhalebe lomwelo, koma muphatikize makomo kuti magawo awo akwane maphukusi athunthu. Miphika iwiri ya gawo limodzi ilandire phukusi limodzi, akagawane okha. Mabanja awiri a magawo atatu alandire maphukusi atatu. Phatikizani anthu oyandikana amene amagwirizana kale, ndipo sikelo ikhale pambali kuti ofuna agawanirepo pomwepo asanachoke. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti botolo la mafuta limakhala limodzi pa miphika iwiri, ndipo wamphamvu pakamwa amatha kupondereza mnzake akafika kunyumba. N'chifukwa chake ndimalimbikira kupempha chilolezo chija.

Tsiku logawa

Anthu asanayambe kulandira, mmodzi aime n'kunena manambala onse mokweza: talandira maphukusi 35, tasunga atatu, miphika ndi 32, anthu 104, magawo 64, lamulo ndi lakuti awiri aliwonse gawo limodzi. Zilembedwenso pa pepala lalikulu pakhoma. Itanani anthu m'magulu a makomo asanu ndi atatu kapena khumi pa ola, kuti pasakhale chikhamu pamsewu. Chikhamu chimakopa anthu odutsa amene sali pa mndandanda, ndipo m'madera ena chimautsa mawu akuti alendo akulandira pamene eni dziko alibe. Ngati pabwalo limene mumakhala pali banja la konkuno limene likuvutika mofanana nanu, ndi nzeru komanso ndi chilungamo kulilemba pa kalembera kuyambira pachiyambi.

Mabanja aakulu auzidwiretu kuti abwere awiri kapena ndi wilibala, popeza magawo asanu ndi katundu woposa makilogalamu 30. A m'komiti alandire pomaliza, motsatira lamulo lomwelo, ndipo wa m'komiti asapereke yekha mulu wa m'bale wake. Wolandira aliyense awerenge katundu wake, asayine kapena adinde chala pa nambala yake. Amene watuma mnzake, wotumidwayo abwere ndi kapepala kaja ndipo mwini wake aimbiridwe foni pomwepo.

Padzapezeka mayi amene adzati, "Abusa, ine kwathu tilipo asanu ndi awiri, mwandilemba asanu." Musakangane naye pamzere, ndipo musasinthe mulu pomwepo, chifukwa mukasintha wa mmodzi, mzere wonse ukumbukira achibale oiwalidwa. Alandire zimene zalembedwa, dandaulo lake lilembedwe m'kope, ndipo anthu awiri akafike kwawo mawa lake. Akapeza kuti akunena zoona, gawo loperewera lichokere m'maphukusi osungidwa.

Wopereka thandizo amafuna umboni, ndipo ali ndi ufulu woufuna. Mpatseni manambala: miphika ingati, anthu angati, ana angati, makilogalamu angati. Kope la mayina, manambala a foni ndi malo okhala likhale ndi mlembi yekha, lisatumizidwe pa gulu la WhatsApp. Dziko lino lili ndi lamulo la POPIA loteteza mbiri za anthu, ndipo kwa ife ngozi yake ndi yodziwikiratu: mndandanda wa alendo ndi makomo awo ukagwera m'manja olakwika, umasanduka chida. Zithunzi jambulani milu ya chakudya, osati nkhope za olandira.

Pakatha masiku asanu ndi awiri, tsegulani maphukusi osungidwa amene sanapite kwa ochedwa kapena odandaula. Nthawi imeneyo ndi imenenso ufa wa mabanja ambiri ukutha. Tiyerekeze kuti limodzi linapita kwa bambo amene anatuluka m'chipatala, atsala awiri. Mabotolo awiri a mafuta apite ku banja la anthu 9 ndi la anthu 7, amene tinawapereweza pachiyambi. Magawo anayi a ufa, mpunga, nyemba ndi nsomba apite kwa amene ufa wawo unali wa masiku 6 okha, kuyambira mabanja awiri a anthu 6, ndipo awiri otsalawo achitiridwe mayere pakati pa mabanja 6 a anthu anayi. Lamlungu lotsatira mlembi awerenge pagulu kumene phukusi lililonse la 35 aja lapita, ndipo kope lisungidwe, chifukwa thandizo lina likadzabwera mudzangofunika kufunsa khomo lililonse ngati pamphika pawonjezeka kapena pachoka munthu.